Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ngakhale cha banki

Makolo athu poika mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko ankaganiza za chitseko cha bango, chotseka ndi mpiringidzo, kunja kuli mdima ndi afisi. Sankadziwa kuti kudzabwera zitseko zagalasi za mumsewu wa Orton Chirwa ku Mzuzu, zokhala ndi mlonda wonyamula kachipangizo kolira akakuyandikizira m'thumba. Koma mwambiwo sunakalambe. Banki simva m'mimba. Ukachedwa kubweza ngongole, imagona tulo tabwino mpaka m'mawa, wotembenuka pamphasa usiku wonse ndiwe.

Ine zinandigwera mu Epulo. Amene sanakhaleko ku Mzuzu amayesa kuti mvula imatha mu Malichi, pomwe kuno Epulo ndiye imakhala ngati yangokumbuka kumene ntchito yake. Malipiro analowa pa 25, ndipo usiku womwewo khoma la kuchipinda kwa ana, kwathu ku Masasa, linagona pansi mwaulemu osapweteka munthu. M'mawa ndinathamangira kukatapa ndalama za njerwa, simenti ndi mmisiri. Mu akaunti munatsala K41,000. Pa 28, tsiku limene banki imadula K120,000 ya ngongole yanga mwezi ndi mwezi, kompyuta yawo inapisa dzanja m'thumba n'kupeza kuti muli mphepo.

Kompyuta sidziwa Masasa. Siinaonepo matope. Inangolemba K10,000 ya kulephera kudula, kenaka n'kuyamba kuwerenga chindapusa tsiku ndi tsiku monga mayi awerengera mazira a nkhuku yake. Pofika pa 17 Meyi, nditapeza ndalamazo ku banki m'khonde ya amayi akunyumba (kumene chindapusa chake n'chakuti mudzi wonse umadziwa), chindapusa cha ngongole ija chinali chitakwana K6,500.

Ndinakhala kaye masiku angapo ndikudikira kuti abwana a kubanki amve za tsoka langa, mwina pa wailesi, andiimbire foni yopepesa. Mmenemo ndinali ngati wodwala m'mimba amene wagona chete kuyembekezera kuti mnzake wa pamphasa ina adzuke akamutulukire panja.

Kalata yanga yoyamba inali ya masamba atatu. Inayambira pa agogo anga, inadutsa pa kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inakhudzako mtengo wa usipa wa ku Nkhata Bay, ndipo pa tsamba lachitatu inawakumbutsa a banki kuti tonse tidzafa. Ndinapita nayo ku Katawa kwa azakhali, amene anagwirapo ntchito pa kauntala ya banki zaka zambiri asanapume. Anaiwerenga mpaka pakati, n'kuvula magalasi.

"Mwana wa achimwene, iwe ukupempha kapena ukulalikira pamaliro?"

"Ndimafuna amve chisoni, azakhali."

"Chisoni alibe poti achilembe. Fomu yawo ilibe bokosi la chisoni. Apatse tsiku, ndalama, ndi umboni. Ndiye undiuze, ukufuna akuchotsere chiyani?"

Ndinati zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Anandigawira ngongoleyo patebulo ngati nyama ya pa chinkhoswe: ichi ndi chimene unabwereka, ichi ndi chiwongoladzanja chimene unasainira, ichi ndi chilango cha kuchedwa. Ziwiri zoyambazo sizikhudzidwa ndi kalata ya munthu mmodzi, ndipo ukazitchula amaona ngati ukufuna kuthawa ngongole. Chachitatucho ndiye chili ndi mpata, chifukwa ndi chibonga chimene banki imadziwonjezera yokha, ndipo amene anaika chibonga angathenso kuchichotsa. Anandikumbutsa kuti mu Epulo 2020, Covid-19 itafika, Banki Yaikulu ya Reserve ndi bungwe la mabanki m'Malawi anagwirizana zopumitsa obwereka kwa miyezi itatu. Mtima ulipo ndithu, kungoti umafuna chidindo kuti ugunde.

Kalata yachiwiri inakwana pa theka la tsamba. Inali m'Chingerezi, poti ndalama m'dziko muno zimamva chilankhulo chimenecho, koma mfundo zake zinali izi. Pamwamba panali dzina langa, nambala ya akaunti ndi ya ngongole, yopita kwa manijala wa nthambi. Kenaka: ndabweza miyezi 14 motsatizana osaphonya, usiku wa pa 25 Epulo khoma la nyumba yanga linagwa ndi mvula, ndalama ndinakonzera khomalo, zotsalira zonse ndalipira pa 17 Meyi, ndikupempha kuti mundichotsere K16,500 ya kuchedwaku ndi kuibwezera mu akaunti, pa 28 Meyi ndalama mudzaipeza, chonde mundiyankhe polemba.

Chiganizo cholemera kwambiri m'menemo, anatero azakhali, si cha khoma ayi, koma chakuti ndalipira kale. Wopempha chikhululuko ngongole ili chiimire amafanana ndi munthu wopepesa mwini munda chinangwa chili m'kamwa. Ndipo chindapusa sichiima poti walemba kalata, chimapitirira kuswana kalatayo ili m'thireyi. Ngati sungathe kulipira zonse, umalemba tsiku lenileni ndi ndalama yeniyeni imene ubweretse, osati "posachedwa Mulungu akalola". Mulungu amalola, koma a ngongole amafuna deti.

Umboni ndinamata kumbuyo: kalata ya mfumu ya m'dera lathu yokhala ndi chidindo, zithunzi ziwiri za khoma, malisiti a simenti, ndi sitetimenti yoonetsa miyezi 14 ija. Chithunzi chimene ndinaima pambali pa khomalo nditagwira tsaya azakhali anachichotsa. Anati nkhope yanga ikuoneka ngati ndinaligwetsa ndekha.

Ndinakwera sakaramento kupita m'tauni, envulopu ili m'kati mwa jekete poopa kamvula kowaza kaja. Ndinali ndi makope awiri. Mtsikana wa pa desiki yothandizira makasitomala analandira imodzi n'kunena kuti "tiona, adada". Ndinamupatsa inayo kuti adindepo tsiku limene alandira, ndibwerere nayo kunyumba. Kalata yopanda chidindo cholandirira imakhala ngati mbuzi yosamangirira, aliyense amati sanaione. Ndinafunsanso dzina la ofesala woona ngongole yanga, chifukwa nthawi zambiri nkhani zotere sizithera pa nthambi, zimakwera kulikulu, ndipo pamafunika munthu wodziwika womufunsa kuti yafika pati.

Apa ndinenepo za anzanga aukali amene amayamba kalata ndi kuopseza kuti akasuma ku Banki Yaikulu. Nthambi yake ilipodi mu Mzuzu momwemuno, ndipo madandaulo a makasitomala imalandira. Koma kumeneko n'kopita ngati akudula molakwika, kapena akudula ndalama imene mulibe m'pangano, kapena wadandaula koma sakukuyankha. Ngati unachedwadi, palibe mlandu, pali pempho. Sungakasumire munthu kwa mfumu poti wakana kukugawira ndiwo zake. China chimene kalata sichapa ndi mbiri: mabanki amatumiza kabwezedwe kathu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga Credit Data CRB, ndiye chindapusa chingachoke koma masiku 19 aja n'kutsala olembedwa. Mwayiwu ndi wa kamodzi. Khoma likagwanso chaka chamawa pa 25 pomwepo, adzafuna kucheza ndi mmisiri wako.

Patapita milungu itatu ndi maulendo awiri a sakaramento, yankho linabwera. K6,500 ya chindapusa anabweza. K10,000 ya kulephera kudula anati imeneyo kompyuta inagwiradi ntchito, inapisadi dzanja, iyenera kulipidwa thukuta lake. Nditachotsa ya sitetimenti, yosindikiza zithunzi, ya mayendedwe ndi shuga amene ndinapititsa ku Katawa, zotsalazo zinakwana chibanzi chimodzi ndi tiyi wamkaka pafupi ndi depoti. Ndinamwa pang'onopang'ono, kapu ndikuigwira ndi manja awiri, chifukwa Juni anali atayamba kuluma.