Ndinathokoza kawiri pa mbale imodzi

Apongozi atabwera ku Joni kudzaona zidzukulu, ndinati aone okha kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinakokolola banja lonse, anthu 8, ulendo wa ku lesitilanti. Aliyense ndinamuuza kuti aitanitse kukhosi kwake, uku ine mtima uli phaphapha.

Bilu itabwera ndinangoponya diso pansi penipeni, chifukwa bwana sawerenga mitengo ya chipisi pamaso pa apongozi. Panali R2,200, ndipo m'munsi mwake munali mzere wopanda kanthu wolembedwa kuti `Gratuity`, poika ndalama yothokozera wokuperekerani chakudya. Mwambo wakuno ndi 10 peresenti, choncho ndinalemba R220, kuwonkhetsa R2,420, khadi m'kamakina. Mnyamata wotiperekera chakudya anathokoza mpaka kuwerama.

"Koma bambo, kuno amakudziwanitu," anatero apongozi. Ine phewa m'mwamba.

Mawa lake mayi a Chikondi, popisa m'matumba asanachape thalauza, anakapeza kapepalako. Iwo amawerenga kuyambira pamwamba, ngati kalata ya kumudzi.

"Bambo a Chikondi, tinadya za ndalama zingati?"

"R2,200."

"Ayi, R2,000. Nanga mzere uwu mukuuona?"

Pakati pa chakudya ndi chiwonkhetso panabisala timalemba takuti `Service charge 10%`, R200. Malesitilanti ambiri kuno amaikiratu okha ndalama imeneyi mukakhala gulu lalikulu, ndipo kawirikawiri amalemba zimenezi m'munsi mwa menyu, pamalo amene munthu wanjala safikapo. Koma mzere wa `Gratuity` umatulukabe pa bilu, kaya adula kale kaya sanadule.

Mayi anapitiriza kundiphunzitsa masamu. R220 yanga ija sindinaiwerengere pa chakudya chokha, koma pa chakudya ndi R200 yawo ija. Ndiye kuti ndinathokozanso kuthokoza komwe. Zonse pamodzi R420 pa chakudya cha R2,000, yomwe ndi 21 peresenti. Ndinayesa kunena kuti mnyamatayo anali waulemu. Iwo anati pa R420 nawonso akhoza kuwerama.

Mnyamatayo sindimuda, pakuti cholembera chinali m'dzanja langa. Safunsa anadya phula, ine ndinalipira ndi phula lomwe. Masiku ano ndimayamba ndaona mtengo wa chakudya, kenako n'kutsika ndi chala mzere ndi mzere. Ndikakayika ndimafunsa ngati yothokozera ili kale m'kati. Ikakhalamo, pa `Gratuity` ndimadula mzere, ndipo chiwonkhetso ndimalemba ndekha. Ndikafuna kuwonjezera, ndimawerengera pa chakudya chokha.

Vuto latsala ndi limodzi. Apongozi anakafika kumudzi n'kulengeza kuti mkamwini wawo ku Joni anthu amamuweramira. Dzulo aimba foni, akuti denga likudontha, malata 30 akwana.