Kalata ya mnyamata wa apu yandiphunzitsa kuwerenga

Golosale yanga ndi ya khomo limodzi ndi windo limodzi, koma maloto ake ndi a sitolo ya m'tauni. Anzanga a pabawo akhala akundinong'oneza kuti masiku ano wamalonda weniweni amakhala ndi apu, makasitomala n'kumaoda shuga ali gone kunyumba. Ndiye ndinaitana mnyamata wina wa m'dera lathu amene amapanga mapulogalamu a pafoni payekha, wopanda bwana. Ine ndimati atchula mtengo, ndilira mayo, atsitsa, tigwirana chanza. Iye anangoti, "Bambo, ndikulemberani kalata."

Kalatayo inabwera ya masamba anayi. Ndinayambira kumapeto, monga amachitira munthu aliyense wanzeru, ndipo ndinapeza K2,400,000. Mayi a kunyumba akuti ndinakhala pansi pa thumba la ufa osalankhula mpaka kasitomala wofuna machesi anabwerera.

Mtima utakhala m'malo, ndinawerenga kuyambira poyamba. Mnyamatayo anagawa ntchito m'zigawo, chilichonse ndi nthawi yake. Sabata yoyamba ndi yongokambirana zimene apuyo izichita. Masabata awiri otsatira ndi ojambula maonekedwe ake, kuti ndione tsamba la katundu, la dengu logulira ndi lolipirira zisanayambe kugwira ntchito. Kenako masabata anayi omanga pulogalamu yeniyeniyo, awiri oyesa, ndi imodzi yoiika pa Play Store. Onse pamodzi masabata khumi. Ndalamanso anaiduladula: K960,000 poyamba, K720,000 ndikavomereza zojambula, ndipo K720,000 yotsala apu ikatuluka.

Za kujambulazo ndinakwiya nazo. Ndilipire munthu masabata awiri akujambula zithunzi ngati mwana wa sitandade 2? Anandiyankha mofatsa kuti kusuntha batani pa chojambula ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma kulisuntha pulogalamu itamangidwa kale kuli ngati kusamutsa khomo nyumba itafoleredwa. M'kalatamo analembanso kuti ndili ndi mwayi wosintha maganizo kawiri kwaulere, kachitatu ndilipira. Mayi ataona mzere umenewu anaseka mpaka misozi, akuti mnyamatayu anachita kufunsa kwa apongozi za khalidwe langa.

Ndinayesa luso langa la ku msika. "Achimwene, chotsaniko pang'ono, ndife amodzi." Iye sanakane. Anatenga cholembera n'kufunsa, "Tichotse chiyani, bambo?" Ine ndimanena ndalama, iye amanena ntchito. Anati tikachotsa zolipirira pafoni kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, anthu n'kumalipira katundu akafika pakhomo, mtengo utsika ndithu, chifukwa gawo limeneli ndi lovuta: pamafunika kulumikizana ndi kampani yodutsitsa ndalama, imene imadulanso kake pa malonda alionse, ndiponso kuyesa zimene zichitike netiweki ikathawa ndalama ili m'njira. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikunenerera mitengo, sindinakumanepo ndi wogulitsa amene ukamupempha kutsitsa amayamba kubweza katundu pa shelefu.

Tsamba limene linandiwawa kwambiri ndi lachitatu, la zinthu zimene sizili mu mtengowo. Ine ndimaganiza kuti apu ukagula wagula. Ayi ndithu. Katundu ndi maoda zimasungidwa pa kompyuta ya eni ake kunja, imene amati seva, ndipo lendi yake ndi ya mwezi ndi mwezi, m'madola. Kutsegula akaunti yoikira apu pa Play Store ndi madola 25, kamodzi kokha. Ndinafunsa za iPhone, poti pali mayi wina wa galimoto amene amagula mazira kwa ine, ndipo ndinamva kuti kumeneko ndi madola 99 chaka chilichonse, osawerengera ntchito yowonjezera. Mayi ameneyo apitirize kubwera yekha. Zonse za madolazi mnyamatayo anakana kuzilemba m'makwacha. Anandikumbutsa za Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ine amene ndinasintha mitengo ya sopo m'mawa mwake ndinalibe pakamwa potsutsira.

Koma ndisamunamizire, muli zina zonditeteza. Akaunti ija itsegulidwa m'dzina langa, osati lake, ndipo ndikamaliza kulipira andipatsa pulogalamu yonse monga anailembera, kuti iye akadzapita ku Joni wina adzathe kupitiriza. Zolakwika zotuluka m'masiku 30 oyamba akonza ulere. Chatsopano chimene ndingachilote usiku, chimenecho ndi mtengo wina.

Tsopano tifike pa mzere umene wandisowetsa tulo. Masabata khumi aja sayamba kuwerengedwa tsiku lolipira dipoziti. Amayamba tsiku limene ine ndapereka mndandanda wa katundu yense: dzina, kukula kwake, mtengo ndi chithunzi. Ndinati zimenezo n'zosavuta, zonse zili m'mutumu. Anati mutu wanga sulowa pa seva.

Abale, yesani kulemba katundu wa m'golosale mwanu muone. Shuga yekha ali pa mizere itatu: wa paketi, wa theka, ndi uja timapima tokha m'timapepala. Mafuta ophikira a m'botolo ndi osavuta, nanga a m'tijumbo aja, amene kuchuluka kwake kumatengera mmene dzanja langa ladzukira? Chithunzi cha buledi ndinachijambula madzulo magetsi atazima, mnyamatayo anafunsa ngati ndimagulitsanso njerwa. Vuto lalikulu ndi mtengo. Apu imafuna mtengo umodzi pa chinthu chimodzi, pamene ine ndili ndi wa aneba, wa mlendo, ndi wa munthu wotsika m'galimoto atavala tayi. Apu siona nsapato za kasitomala. Ndinafunsanso ngati ingamakumbutse angongole anga, amene mayina awo adzaza kope lonse. Iye anati n'zotheka, n'kutsegula cholembera chija. Ndinamuuza kuti ndimangocheza.

Masabata awiri oyesa aja ndinafuna kuwadula, poti ine ndikhoza kuyesa ndekha Loweruka masana. Apanso ndinagwa nayo. Akuti Google imafuna kuti apu ya pa akaunti yatsopano ya munthu payekha iyambe yayesedwa ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe kupita kwa aliyense, ndipo chiwerengero chikatsika chifukwa ena atuluka panjira, nthawi imatalika. Kupeza anthuwo kalatayo yati ndi udindo wanga. Aliyense akhale ndi foni ya Android ndi adiresi ya Gmail imene akuikumbukira. Mlamu wanga foni ali nayo, koma imakhala yodzaza ndi mavidiyo a kwaya. Mphwanga wavomera pokhapokha ndizimugulira bandulo. Ena onse a mafoni abwino m'dera lino ndi omwe ali m'kope muja, ndipo akandiona ndikubwera amakhotera kuseri kwa tchalitchi.

Kalatayo ndinasaina, dipoziti ndinalipira, ndipo mnyamatayo sanachedwetse kanthu ngakhale tsiku limodzi, poti tsiku lake loyamba silinafike. Mndandanda wanga uli pa sopo. Ndikakumana naye pamsewu amandipatsa moni mwaulemu wonse, ine n'kumayankha ngati wangongole.

Choncho inu owerenga amene muli ndi foni ya Android ndipo mulibe nane mlandu, dzalembetseni pagolosale kuti mudzayese nawo apuyi. Angongolenso bwerani, za kope sitikamba mpaka masiku 14 atatha. Bandulo ndi yanu.