Wakutsekerani ndani, makina kapena adimini?

Bambo wina pa Jenda adaonera kavidiyo ka nkhuku za mikolongwe pa TikTok mpaka kumapeto, osati chifukwa chokakonda, koma manja anali mu nsima. Makina adaona ngati apeza mlimi. Mawa lake nkhuku, mkuja nkhuku. Mkuluyo adafika pouza mkazi wake kuti, "Amayi, dziko lonse layamba kuweta nkhuku, ife tikuchedwa!" Mayiwo adangomuonetsa foni yawo: makwaya ndi madiresi a ukwati okhaokha, nthenga ngakhale imodzi panalibe.

Limeneli ndi khola lomanga makina, lomwe Eli Pariser adalilembera buku mu 2011. Makina amawerenga nthawi yomwe mwathera pa kavidiyo n'kukubweretserani tofanana nako, inu osafunsidwa.

Koma pali lina. Anyamata a ku Embangweni omwe ali ku Joni ali ndi gulu la Maule pa WhatsApp. Wina adalemba kuti, "Koma abale, dzulo Manoma asewera bwino." Asanaike foni m'thumba adimini anali atamuchotsa kale, ena n'kumati ankamukayikira kuyambira kalekale poti amakonda malaya a buluu. Apa musanamizire makina: mauthenga a m'gulu amangobwera motsatana ndi nthawi. Anthu asankhana okha kuti azimva mawu awo omwe akubwerera, zomwe Cass Sunstein adachenjeza mu 2001.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Wa nkhuku uja ukamubwereka foni ina amadabwa n'kuseka. Wa m'gulu ukamuonetsa chigoli cha Manoma amati oyimbira adadya ndalama.

Nanga makina ali ndi mlandu wochuluka bwanji? Mu 2015 akatswiri a Facebook adafufuza anthu oposa mamiliyoni 10 ku Amereka. Makina ankachepetsadi nkhani za mbali ina, ndi maperesenti 5 kwa ena ndi 8 kwa ena, choncho Pariser sadalote. Komano mu 2020 ofufuza adachotsera anthu ena makina osankhawo kwa miyezi itatu, nkhani zikungobwera motsata nthawi. Zotsatira zitatuluka mu 2023, zomwe anthuwo ankaona zidapezeka kuti zidasintha, koma maganizo awo pa ndale sadasunthe. Ndingowonjezera kuti miyezi itatu ndi yochepa kwa munthu amene wakakamira chipani kuyambira 1994, ndiponso ofufuzidwawo si a ku Luwerezi.

Choseketsa kwambiri ndi cha Chris Bail mu 2018. Adalipira anthu kuti kwa mwezi wathunthu aziwerenga za chipani chomwe amadana nacho pa Twitter. A chipani cha Republican adatuluka ataumirapo kuposa kale. Ndalama adalandira ndithu.

Ndiye inu a pa Boma amene mumati foni ikukubisirani nkhani, yambani mwawerenga anthu omwe mwawachotsa m'gulu chaka chino.