Kanandipatsa mmodzi, ine kuseka

Madala a drafuti pamsika wa Kawale anandigonjetsa mpaka ndinayamba kudutsira njira ina. Ndiye ndinaika gemu ya drafuti mufoni kuti ndiziphunzira mobisa. Pa Easy ndinkapambana ndikumwa tiyi, moti ndinalengeza kunyumba kuti kompyuta ndaithetsa.

Mphwanga wa ku Biwi, yemwe ali Fomu 2, anatenga foniyo, naika pa Hard. "Malume, sewerani tione." Alamu anga awiri analipo, mayi a kunyumba nawo anasiya kusankha mpunga.

Tinafika pakati. Ana anga anali pa d4, f4, g3 ndi f2, ndipo pa e1 ndinali nditachotsapo kale. Ndinasuntha wa pa g3 kupita h4, pongofuna kubisala m'mphepete. Kompyuta sinachedwe, inakankha mwana wake kuchoka pa f6 kufika pa e5, pakamwa penipeni pa wanga wa d4. Ndinaseka mokweza. "Kasokonezeka aka!"

Mu drafuti kudya n'kokakamiza, choncho ngakhale ndikanakayika, gemuyo sikanandilola kusuntha mwana wina. Ndinadumpha, n'kutera pa f6. Pomwepo wake wa pa g7 anandidumpha kutera pa e5, nadumpha wa f4 kutera pa g3 pamene ndinatsegula ndekha paja, nadumphanso wa f2 kukakhala pa e1. Atatu apita, iko kataya mmodzi, kingi kapeza.

"Dikirani," ndinatero, n'kudina Undo. Inandibweza pamene ndiyenera kudya. Ndinadyanso, n'kudyedwanso chimodzimodzi, alamu akugwa ndi phwete. Mphwangayo ndiye anandionetsa kuti pamene ndinafera si pa kudyapo, koma pa g3 paja. Mwana uja akanakhala pamalo pake, wa kompyuta akanaima pa e5, tikanangosinthana mmodzi mmodzi.

Kuchoka pa kusuntha kwanga kufika pa maliro panali masitepe anayi: ine, iko, ine, iko. Ine ndinkaona limodzi. Ngati pa sitepe iliyonse pali njira 7, masitepe anayi amabala njira 2,401, ndipo foni imaziyesa zonse ndisanaphethire, poganiza kuti mdani wake asankha yabwino koposa. Ena anapita patali: mu 2007 gulu la Jonathan Schaeffer ku Canada, eni pulogalamu ya Chinook, linatsimikiza kuti drafuti ya Chingerezi imathera pofanana ngati onse awiri salakwitsa.

Munthu sangawerenge zonsezo, anatero mwanayo, koma njira zokakamiza ndi zochepa. "Musanasunthe, onani bowo limene mukusiya kumbuyo kwa mwana wanu, kenako mudzifunse kuti akakupatsani wakudya mukatera pati, ndipo ndani akukudikirani pamenepo."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndimazidziwa kale, n'kuyambitsa gemu ina. Posakhalitsa kanandipatsanso mmodzi. Mayi a kunyumba sanadikire n'komwe, anangoti, "Bambo a Chisomo, mukatha kudyedwa mukagule makala."