Basi ya 6 koloko sidikira abwana

Disembala akangoyamba, kampani ina ya mabasi imamata chikalata pakhomo la ofesi yake: mtengo watsika kwa ogula tikiti lisanafike tsiku la 15, basi yoyamba ya ku Lilongwe ichoka mu Blantyre 6 koloko m'mawa, ndipo aliyense afike 5:30. Anthu a m'tauni amawerenga mzere woyamba wokha. Inayo amati ndi yokongoletsa pepala.

Malangizo ake ndi osavuta. Gulani tikiti kudakali masiku, tchulani dzina lomwe lili pa chiphaso chanu, sankhiranitu mpando. Mukalipira pa Mpamba kapena Airtel Money, sungani uthenga wotsimikizira, chifukwa kalaliki amafuna nambala ili mmenemo, osati nkhope yanu. Komabe pa 23 Disembala mupeza bambo wa tayi atatsamira pakauntala.

"Achimwene, mtengo wotsika uja ulipobe?"

"Unatha pa 15, bwana."

"Koma mukundidziwa ine?"

Kalaliki amawadziwadi. Chaka chatha adafunsanso chomwecho.

Mbandakucha wa tsiku la ulendo, woyamba kufika ndi mayi amene adalumbira pafoni kuti ali ndi "kachikwama kamodzi basi". Kachikwamako katsika pa kabaza zitatu: matiresi, belo la shuga ndi ndowa yomangidwa ndi chitenje. Sikelo ikanena zoona, mayiwo amati sikeloyo ndi yakuba. Mkati namo wina wakhala kale pa mpando 12 wapawindo, tikiti yake ili ya 40. Mwinimpando akadandaula amamuyankha mwaulemu wonse kuti, "Pepani mayi, tonse tikafika limodzi."

Abwana aja sakuoneka. Nthawi ya 5:50 kondakitala awaimbira.

"Ndili pafupi, mphwanga, ndikungokhota apa."

Kumbuyo kwa mawuwo kukumveka madzi akukhavukira m'beseni.

Dalaiva ali ndi chifukwa chake cholawirira. Mtunda wopitirira makilomita 300 ukumudikira: ayenera kudutsa Lunzu msika usanasefukire mumsewu, kuima pa rodibuloko ya pa Zalewa, kenako kukwera zitunda za ku Ntcheu ndi Dedza mvula ya masana isanayambe. 6 koloko ikangokwana, chitseko chimatsekedwa.

Abwana amatulukira 6:40, atanunkhira bwino, n'kupeza pamalopo pali mlonda yekha. Tikiti yapita, ndipo basi yamawa idadzaza sabata yatha. Amathamangira ku Wenela, kumene oitanira amawalandira ngati mfumu: "Yotsala munthu mmodzi, bwana, ikunyamuka pompano!" Injini ikulira, mipando ili ndi anthu. Abwana atangolipira, okwera anzawowo amayamba kutsika mmodzimmodzi, poti ena mwa iwo ndi aganyu ongodzazitsa mipando kuti basi ioneke yodzaza.

Dzuwa lili paliwombo, basiyo ikadali pomwepo. Abwana akutafuna chimanga chootcha, akufotokozera mnzawo wapampando kuti makampani a masiku ano alibe ulemu: munthu kungochedwa pang'ono, iwo n'kumusiya.