Fisi wa M'nthano Sali Pachibale ndi Ine

Munthu amene watha tsiku lonse dengu lili kumsana, akuthyola masamba awiri ndi kansonga m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, sayenera kuumirizidwa nthano usiku. Koma ana anga alibe chisoni, ali ngati sikelo ya kapitawo. Chiperoni chikuwomba kunja, ine ndinayamba: "Padangokhala!"

"Tili tonse!"

Kalulu ndi Fisi ananyamuka ulendo wokacheza kwa apongozi ake a Fisi. Panjira Fisi analoza kamtengo kena, nati, "Bwanawe, ine ndimadwala m'mimba. Ukandimva ndikubuula, udzathamangire kuno, udzakumbe muzu wa mtengo uwu." Atafika, apongozi anabweretsa nsima ya nkhuku. Fisi anangonunkhiza n'kuyamba kugubuduka: "Mayo, m'mimba mwanga!" Kalulu analiyatsa liwiro. Pobwera ndi muzu uja anapeza mbale zili mbee, Fisi akutokosa m'mano. Akuti nkhuku za apongozi zinagwera m'mbalemo. Nkhuku kudya nkhuku inzake mpaka mafupa!

Kalulu sanayankhe kanthu. Usiku anadzuka mwakachetechete, nakakumba mizu yambiri n'kubisa m'thumba. M'mawa mwake kunabwera nsima ya mbuzi, ndipo matenda aja anayambiranso pa nthawi yake. "Musavutike achimwene, mankhwala ndi awa," anatero Kalulu mokweza, apongozi akumva. "Koma wotafuna muzu uwu sadya kanthu mpaka kuche." Fisi akanati wachira, bodza likanaululika pamaso pa apongozi. Anatafuna muzu wowawa misozi ili chuchuchu, mnzake akunyambita zala.

"Mwamva ana inu? Wonamiza mnzake kuti adye yekha, tsiku lina amagona ndi njala. Kaphuleni mbatata kumoto."

M'malo moti "yapserera," chitsirizira changa chinadzutsa mutu m'bulangete. "Ababa, nanga tsiku la malipiro lija munagula nyama ku Bvumbwe, bwanji munatituma tonse kukagula mchere?"

Ndifotokoze bwino, poti nkhaniyi yafika kale kwa anzanga kusikelo. Mchere unalidi wochepa. Kuti ana atatu apite limodzi n'chifukwa cha agalu a m'njira. Chiwindi chimene chinasowa mumphika ndinangochilawa pofuna kudziwa ngati mcherewo ukufunikadi, ndipo munthu sungadziwe ndi nthuli imodzi. Fisi ananama, ine ndinkafufuza.

Amayi awo, amene ndinkayesa agona, anayankhira kuchipinda: "Musawavutitse bambo anu, amadwala m'mimba."

Tsopano mwana wanga wamkulu akuyenda ndi mchere womanga m'kapepala m'thumba la yunifolomu. Loweruka nditangoti "Inu, mumphikamu mukuoneka ngati...", anautulutsa n'kuuika patebulo mwaulemu, ndi manja awiri. Mawa ndiwauza ya Kamba, nyama yofatsa yosaphunzitsa ana mwano.