Kuuza bwana tsiku lomaliza, m'Chifalansa

Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumupempha kanthu usanamufunse za mvula, za ana, za chimanga, ndi za bondo lomwe linkamuvuta chaka chatha. Pempho lenileni limatuluka potsanzika, utaimirira kale, chipewa chili m'manja. Ndiye munthu wotere azilembera imelo mayi amene ankamuyang'anira ku Besançon, ku Falansa, kumene ndinakasulidwa za kaphunzitsidwe ka Chifalansa, kuwapempha kalata yomuchitira umboni ku yunivesite. Thukuta kamukamu.

Afalansa amafuna nkhani ionekere pamutu pomwe pa imelo. Ndinalemba chala chikunjenjemera:

`Objet : Demande de lettre de recommandation pour le 10 mars`

Deti pamutu! Agogo akanakhala moyo akanafunsa ngati mayiwo ali nane ngongole. Koma mphunzitsi wa ku yunivesite amalandira maimelo osawerengeka, ndipo yopanda deti amaisungira mawa, mawa lake losafika.

Moni wake ndi `Madame,` basi. Mtima wanga unkafuna kuunjikapo maudindo awo onse mpaka wa kutchalitchi, koma m'kalata yaulemu ya kumeneko ngakhale dzina la bambo silitsatira. Kenako umadzikumbutsa. Apa ndi pamene panandiwawa, chifukwa ine ndinkakhulupirira kuti mayiwo amandikumbukira tsiku lililonse akamadya tchizi. Mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo, anthu amenewo amalandira ophunzira angati pachaka? Inu munawagulira ng'ombe?" Ndinalemba modzichepetsa kuti ndinali pansi pa ulamuliro wawo kuyambira Januwale mpaka Juni 2022, ndikutchula ntchito yomwe tinagwira limodzi, yokonza maphunziro a katchulidwe ka mawu kwa ongoyamba kumene. Za tsiku lomwe ndinagona m'kalasi hita itandikomera, ndinaona kuti azikumbukira okha.

Pempho limabwera pomwepo, osati pansi:

`Accepteriez-vous de rédiger une lettre de recommandation ?`

Kugwada konse kuli mu mneni ameneyo. Sakulamula, akufunsa ngati angavomere, ndipo akuwasiyira khomo lokanira. Khomolo ndi lofunika, pakuti kalata yolembedwa mokakamizika imangoti munthuyu ankabwera ndipo ankapita, owerenga n'kumva zonse zimene sizinanenedwe.

Pa madeti ndi pomwe ndinalimbana ndi chikumbumtima. Yunivesite imatseka kulandira makalata pa 15 Malichi. Nzeru zanga za kumsika zinati ndiwanamize kuti ndi pa 1, poti ndi mmene mlamu wanga amandichitira akafuna kuti ndifike msanga pa chinkhoswe. Koma linki yokwezera kalata imachokera ku yunivesite komweko kupita kwa iwo, ndipo deti lenileni akhoza kuliona okha. Choncho ndinanena zonse ziwiri: chitseko chitsekedwa `au plus tard le 15 mars`, ine ndingakondwe kalatayo itafika pa 10, kuti ngati makina avuta pakhale potembenukira. Ndinatumiza kutatsala milungu inayi, pokumbukira kuti mu Febuluwale kumeneko kumakhala tchuthi cha nyengo yozizira, ndipo Mfalansa ali patchuthi sayankha ngakhale utalira maliro.

Zotsalazo ndi zoti mayiwo asavutike kufunsa: dzina la digiri ndi yunivesite yake, kalatayo ikhale m'Chifalansa, tsamba limodzi likwanira, ndipo aikweza okha pa linki, osati kunditumizira ine. Ndinaphatikizapo pepala la mbiri yanga ya maphunziro ndi ntchito, kalata yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira malowo, ndi lipoti lomwe iwo eni anasainira kale. Ndinatchulanso zinthu ziwiri zomwe yunivesiteyo imayang'ana, luso lophunzitsa ndi lofufuza, kuti akafuna kundiyamikira asayamikire kumwetulira.

Ulemu wonse umene ndinawamana kumayambiriro unapeza malo potsiriza:

`Je vous prie d'agréer, Madame, l'expression de mes salutations distinguées.`

Apa ndinapuma. Ndinaona kuti anthuwa analeredwa ndithu, kungoti amagwada akutuluka. Chenjezo lokha ndi loti mwamuna polembera mayi amapereka `salutations`, mawu a `sentiments` mwambo wawo wakale umati awasiye, angamveke ngati akufunsira. Ndili ndi mavuto okwanira kale.

Yankho linabwera patapita masiku ochepa:

`Bien reçu. D'accord pour le 10. Cdt`

Ndinaliwerenga chotsika, ndinaliwerenga chokwera, kufunafuna pamene ndinawalakwira. Zilembo zitatu zomalizazo ndinaziyesa udindo wa usilikali, mpaka ndinauza mayi a kunyumba kuti bwana analowa m'gulu la nkhondo. Mnzanga wina ndiye anandimasula kuti ndi `cordialement` yofupikitsidwa ndi munthu wotanganidwa. Panopa ndikulemba yothokoza. Yafika ndime yachinayi, ndipo za mvula sindinayambe.